Maapu okana kuchoka m'foni: ukawatsekera, chimasintha n'chiyani?

Lolemba lina m'teremu yachiwiri, ahedi anatumiza pa gulu lathu la WhatsApp mapepala a mayeso akale a MSCE kuti tikonzekeretse ana a Fomu 4. Ine ndimaphunzitsa Bayoloje ndi Zaulimi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera, kutali ndithu ndi tala. Netiweki kwathuko imagwira bwino pamalo amodzi okha, pa chulu cha kuseri kwa bwalo la mpira. Nthawi ya buleki ndinakwera pachulupo, ndinadina fayilo yoyamba, foni n'kundiuza kuti malo atsala pang'ono kutha. Mafayilo ena anakana kulowa.

Ndinayamba kusakasaka zoti ndichotse. Zithunzi za ana anga sindikanazikhudza. Ndiye maso anga anagwera pa maapu, timapulogalamu tija ta m'foni, makamaka amene sindinawaikemo ndekha: ya nyimbo, ya magemu, ya nkhani zakunja, ndi sitolo yachiwiri ya maapu imene opanga foniyo anaikamo. Ndinapanikiza chala pa imodzi kufuna kuichotsa monga ndimachotsera ena onse, koma batani la Uninstall panalibe. Yachiwiri chimodzimodzi. Panali mawu ena akuti Disable, omwe ndinkawaopa chifukwa sindinkadziwa chimene amachita.

Patha miyezi ingapo kuchokera tsiku limenelo. Batanilo ndinalidina, ndinapindula nalo, ndinapsa nalonso. Ndalemba nkhaniyi kuti anzanga amene ali ndi mafoni a Android, omwe ndi amene ambirife tili nawo, adziwe chimene batanili limachita ndi chimene silichita asanalikhudze.

N'chifukwa chiyani amakana kuchoka?

Loweruka la sabata yomweyo ndinapalasa njinga kupita pa msika kwa mnyamata wina wokonza mafoni. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, ndichotsereni zinyalalazi, zandidyera malo."

Iye anaseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, nyumba mukukhalamo ija ndi ya sukulu, si choncho? Katundu wanu mutha kumutulutsa tsiku lililonse. Koma khoma mungaligumule?"

Fanizo lakelo linandithandiza kumvetsa. Malo osungira zinthu m'foni anawagawa pawiri. Gawo loyamba ndi la foni yeniyeniyo. Mmenemo muli Android ndi maapu onse amene anaikidwamo ku fakitale, ndipo gawoli ndi lokhoma: foni imawerengamo, koma mwini fonine sungalembemo kapena kufufutamo kanthu. Gawo lachiwiri ndi lako. Mmenemo ndi momwe mumalowa zithunzi, nyimbo, mauthenga ndi maapu amene watsitsa wekha. Batani la Uninstall limagwira ntchito pa zinthu za m'gawo lachiwirili basi. N'chifukwa chake apu yochokera ku fakitale ilibe batanilo. Pali ena ochepa amene amabwera ndi foni koma amalola kuchotsedwa, ndipo ukapeza Uninstall pa apu yomwe suifuna, dina lomwelo, nkhani yathera pomwepo.

Kwa otsalawo, Android inabweretsa njira ya Disable kuyambira pa mtundu wa 4.0, womwe unatuluka mu 2011. M'nkhani ino ndizinena kuti kutsekera. Khoma sunagumule, koma watulutsa katundu m'chipindamo n'kukhoma chitseko. Apu ikadali m'foni, koma siyidzuka, siyioneka, ndipo siyikula.

Mawu akuti siyikula ndi amene ali ndi phindu lenileni. Apu yochokera ku fakitale siyikhala mmene inabwerera. Ikalandira apudeti, kutanthauza mtundu watsopano wa apu yomweyo, mtundu watsopanowo sungalowe m'gawo lokhoma lija. Umakakhala m'gawo lako. Zimene apuyo imasunga ikamagwira ntchito zimakakhalanso m'gawo lako lomwelo. Choncho apu imodzi imakhala ndi matupi awiri: lakale lili m'khoma, latsopano lili m'chipinda chako ndipo likunenepa mwezi ndi mwezi. Lachiwirili ndi limene ungathe kulichotsa.

Mmene ndinachitira

Mayina a mabatani amasiyana pang'ono malinga ndi mtundu wa foni, koma njira yake ndi yofanana. Ndinalowa mu Settings, kenaka Apps, n'kudina pamene pamaonetsa maapu onse. Ukasankha apu imodzi pamatuluka tsamba lake lotchedwa App info. Tsamba limeneli lili ndi zonse zofunika, ndipo ndi bwino kuliwerenga usanadine kalikonse.

Nditenge chitsanzo cha YouTube, imene inabwera ndi foni yanga. Ndinkaitsegula mwa apo ndi apo kuonera mmene anzathu amaphunzitsira za mtima ndi mapapo, koma bandulo sinkandilola kutero kawirikawiri. Pa tsamba lake, pansi pa Storage, panali manambala atatu. App size, kukula kwa apuyo, inali 165 MB. User data, zomwe inasunga zokhudza ine kuphatikizapo mavidiyo awiri amene ndinatsitsa kalekale n'kuwaiwala, inali 120 MB. Cache, tizidutswa timene apu imasunga kuti izitseguka msanga, inali 205 MB. Zonse pamodzi 490 MB, pafupifupi theka la 1 GB.

Ndinachita zinthu zitatu motsatana. Choyamba ndinadina Clear storage, ndipo User data ndi Cache zinatsika kufika pafupifupi pa ziro. Apa pofunika kusamala, chifukwa batanili limafufuta chilichonse chimene apuyo inasunga m'foni, ndipo sichibwerera. Mavidiyo anga awiri aja anapita. Ikanakhala apu yolembamo manotsi, manotsiwo akanapitanso ngati analibe kwina kumene anasungidwa.

Chachiwiri ndinadina timadontho titatu ta pakona yakumwamba n'kusankha Uninstall updates. Apa ndi pamene thupi latsopano lija limachoka, apu n'kubwerera mmene inachokera ku fakitale. Mafoni ena amakufunsa okha za zimenezi ukangodina Disable, ena safunsa, n'chifukwa chake ndi bwino kuchita wekha kaye. Ukalumpha sitepe imeneyi pa foni yosafunsa, apu imatsekeredwa ndithu koma malo ambiri sabwerera, ndipo umadabwa kuti palibe chasintha.

Chachitatu ndinadina Disable. Panatuluka chenjezo la m'Chingerezi lonena kuti Android ndi maapu ena mwina sangagwirenso ntchito bwino ngati nditsekera apu imeneyi. Chenjezoli limatuluka lofanana pa apu iliyonse, kaya ndi ya magemu kaya ndi yofunika kwambiri, choncho silikuthandiza kusiyanitsa. Kusiyanitsako ndi ntchito yako. Ndinavomera, kachizindikiro ka YouTube kanazimiririka pa sikirini, ndipo batani lija linasintha kukhala Enable.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza ndi kutsekera. Kukoka kachizindikiro pa sikirini n'kukataya pamene palembedwa Remove kumangochotsa chithunzicho pamaso pako, apu ikadali yamoyo. Ndipo batani la Force stop, lomwe lili pafupi ndi Disable, limaimitsa apu kwa kanthawi chabe. Ukaitsegula kapena apu ina ikaidzutsa, imayambiranso.

Malo amene ndinapeza

Tsiku limenelo ndinatsekera maapu 6. Foni yanga ndi ya 32 GB, ndipo ndisanayambe munatsala 0.6 GB. YouTube inandibwezera 480 MB, sitolo yachiwiri ija 190 MB, ya nyimbo 160 MB, ya magemu 110 MB, ya nkhani 90 MB, ndipo Drive 70 MB. Zonse zinakwana 1.1 GB, malo otsala n'kufika pa 1.7 GB. Mapepala onse a mayeso analowa, malo n'kutsalako.

Koma nditayang'ana mu Settings pansi pa Storage, mzere wolembedwa System unali pomwepo, pafupifupi 10 GB, osasuntha ngakhale pang'ono. Limenelo ndi khoma lija. Amene akukuuzani kuti kutsekera maapu kubweza malo amenewo sakunena zoona. Ndipo apu imene sinalandirepo apudeti komanso simunaitsegulepo chigulireni foni ilibe thupi lachiwiri, moti kuitsekera sikungakubwezereni malo oti mungawaone.

Tsamba lomwelo linandichititsa manyazi. WhatsApp yokha inali ndi pafupifupi 9 GB, zambiri mwa izo mavidiyo a m'magulu a mpingo, a mpira ndi a anzanga a ku koleji. Maapu amene ndinkawatcha zinyalala aja anatenga 1.1 GB, pomwe ine mwiniwake ndinaunjika kuposa pamenepo kasanu ndi katatu. Ngati vuto lanu ndi malo okha, yambani mwalowa mu WhatsApp, pa Settings, Storage and data, Manage storage. Kumeneko ndi kumene kuli nkhokwe yeniyeni.

Bandulo ndi batire

Phindu limene sindinkaliyembekezera linali la bandulo. Pa tsamba la App info lija pali malo olembedwa Mobile data, kapena Mobile data & Wi-Fi. Amaonetsa manambala awiri. Foreground ndi intaneti imene apu yagwiritsa ntchito iwe ukuigwiritsa. Background ndi imene yagwiritsa yokha foni ili m'thumba. Sitolo yachiwiri ya maapu ija, yomwe sindinaitsegulepo mwezi wonsewo, inali ndi 340 MB pa Background. Ya nkhani inali ndi 120 MB. Ine pa mwezi ndimagula bandulo ya 2 GB, ndiye 460 MB ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama yanga. Ndinali ndikunamizira mwana wanga wamkulu kuti amaba foni usiku.

Apu yotsekeredwa siyingadzuke, choncho siyingatsitse zithunzi za malonda, siyingatumize timauthenga tija todumphira pamwamba pa sikirini, komanso Play Store siyiipatsanso apudeti. Mwezi wotsatira manambala a maapu awiri aja anali ziro, ndipo bandulo inandifikitsa ku malipiro koyamba m'miyezi yambiri. Nambala ya Background ndiye mboni yabwino posankha apu yoti utsekere. Apu imene suigwiritsa ntchito koma nambala yake ndi yaikulu ndiyo yoyamba.

Pa batire ndinene zoona: kusintha kunalipo koma kochepa. Kwathu timatchaja pa sola ya kusukulu, ndipo dzuwa likabisala foni iliyonse imadikira pamzere, moti ndinkafunitsitsa kuti moto uzikhalitsa. Koma zimene zimatha batire kwambiri ndi kuwala kwa sikirini ndiponso kusakasaka netiweki. Foni ikakhala pamalo pamene netiweki ndi yofooka imalimbikira kufuna nsanja, ndipo zimenezo kutsekera maapu sikungazithetse. Pa liwiro naponso, foni yanga ili ndi RAM ya 2 GB. RAM ili ngati tebulo limene foni imayalapo zimene ikugwira pa nthawiyo. Maapu angapo atachoka patebulopo, foni inasiya kuzizira pafupipafupi ndikamachoka ku WhatsApp kupita ku kamera. Koma sinasanduke foni yatsopano.

Pamene ndinapsa

Mwaona kuti pa maapu 6 aja ndatchulapo Drive. Ndinaitsekera poganiza kuti ndi ya anthu osunga mafayilo pa intaneti, ndipo ine sindisunga kanthu kumeneko. Lachiwiri m'mawa ndinalowa m'kalasi ya Fomu 4 nditakonzeka kulemba pa bolodi mafunso ochokera m'mapepala aja. Ndinadina fayilo mu WhatsApp, n'kutuluka uthenga woti mwina ndilibe apu yoyenera kutsegulira fayiloyo. Ndinadinanso, chimodzimodzi. Ana oposa 60 akundiyang'ana, choko chili m'manja. Piriyodi imeneyo ndinaphunzitsa za pamtima, mafunso osalemba.

Nditafika mu sitafu, aphunzitsi a Masamu anandifunsa kuti, "Mwatani nayonso foni, akulu? Dzulo si munkadzitama kuti mwaikonza?"

Ndinawauza kuti mafayilo aonongeka. Iwo anatsegula omwewo pa foni yawo, ndipo anatseguka bwinobwino. Apa m'pamene ndinazindikira kuti vuto si mafayilo koma zimene ndinachita Loweruka. WhatsApp pa foni yanga siyitsegula yokha mafayilo a PDF, imapempha apu ina kuti iitsegulire. Ndipo apu yokhayo imene inkagwira ntchito imeneyo inali Drive. Kwa zaka ziwiri ndinkaigwiritsa ntchito pafupifupi tsiku lililonse ndisakudziwa, chifukwa sindinkadina kachizindikiro kake.

Limeneli ndi phunziro lalikulu pa nkhani yonseyi. Funso lakuti "kodi ndimaitsegula?" silokwanira. Funso loyenera ndi lakuti "kodi pali apu ina imene imadalira iyi?" Maapu amatumana. Chrome ndi chitsanzo china. Mwina simuitsegula, koma munthu akakutumizirani linki ya zotsatira za mayeso kapena ya fomu yofunsira ntchito, imene imatsegula tsambalo ndi bulawuza. Mukatsekera Chrome mulibe bulawuza ina, linkiyo siyitseguka. Ine YouTube ndinaisiya yotsekera chifukwa malinki ake amatsegukabe mu bulawuza, ndipo ndikafuna vidiyo ya phunziro ndimaonera mmenemo.

Kukonza kunali kosavuta. Ndinabwerera mu Settings, Apps, n'kupeza Drive. Pa mafoni ambiri apu yotsekeredwa imaonekabe pa mndandanda ndi mawu akuti Disabled, ndipo ena ali ndi posankha kuti uone otsekeredwa okhaokha. Ndinadina Enable, mafayilo anayamba kutseguka. Komabe panali mtengo wake: apuyo inabwerera ili ya mtundu wakale wa ku fakitale, ndipo ndinawononga bandulo kuipatsanso apudeti. Kusiya apu yotere ili yakale si bwino, chifukwa maapudeti ena amatseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowera. Ukaidzutsa, ipatsenso apudeti.

Zimene simuyenera kukhudza

Pa mndandanda wa maapu pali posankha pena polembedwa Show system. Ukadina pamenepo pamatuluka mayina ambirimbiri achilendo, ambiri opanda kachizindikiro pa sikirini. Lamulo langa ndi loti dzina limene sindikulidziwa sindilikhudza. Koma pali angapo oyenera kuwatchula, chifukwa pa mafoni ena amalola kutsekeredwa.

Google Play services si sitolo ya maapu ayi. Ndi imene maapu ambiri amadalira kuti uthenga ukufike pa nthawi yake, kuti akaunti yako ya Google igwire ntchito, ndi kuti mapu adziwe pamene uli. Android System WebView imathandiza maapu kuonetsa masamba a pa intaneti mkati mwawo, ndipo ikasowa maapu ena amangotseguka n'kudzitsekanso. Download Manager ndi imene imanyamula zambiri zimene ukutsitsa. Kiyibodi, monga Gboard, ukaitsekera ulibe ina ndiye kuti ulibe polembera. SIM Toolkit ndi menyu ya pa simu khadi. Ndipo apu ya mauthenga wamba, ngakhale masiku ano ambirife timalemberana pa WhatsApp, ndi imene imakuonetsa uthenga wotsimikiza kuti ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba zalowa.

Apu ya Photos ikufunika mawu apadera. Kuitsekera sikufufuta zithunzi zimene zili m'foni. Koma ngati inkatumiza zithunzi zanu ku akaunti ya pa intaneti kuti zisungike, ntchitoyo imaima tsiku lomwelo popanda kukuuzani, ndipo foni ikadzabedwa kapena kugwera m'madzi mudzapeza kuti zithunzi za kuyambira tsikulo kulibe. Komanso ngati munagwiritsapo ntchito batani lake la Free up space, zithunzi zina zinachoka m'foni n'kutsala ku akaunti kokha. Madamu amene amaphunzitsa Chichewa pasukulu pathu anatsekera apu imeneyi atandionera, n'kubwera ali jenkha kuti, "Aphunzitsi, zithunzi za ukwati wa mchemwali wanga zapita!" Sizinapite. Zinali ku akaunti, ndipo titadina Enable n'kukwera pachulu paja zinaonekanso.

Kuchokera pa zimenezi ndinaphunzira kachitidwe kabwino. Tsekerani apu imodzi kapena awiri pa tsiku, osati mulu wonse nthawi imodzi, ndipo lembani mayina ake kumapeto kwa kope. Mukatero yesani zinthu zimene mumadalira: imbani foni, tumizani uthenga, tsegulani fayilo ya PDF, dinani linki, jambulani chithunzi n'kuchiona, funsani balansi ya ndalama za pa foni. Zimitsani foni n'kuiyatsanso. Zizindikiro zoti mwakhudza posayenera ndi izi: uthenga woti apu inayake keeps stopping, fayilo kapena linki yosowa choitsegulira, ndi mauthenga ofika mochedwa kapena osafika mpaka mutatsegula apu. Mukaona chimodzi mwa izi, dzutsani apu imene mwamaliza kutsekera. Ine ndinataya piriyodi yonse chifukwa ndinatsekera 6 nthawi imodzi osayesa kanthu.

Batani likakhala lotuwa

Pa maapu ena mawu akuti Disable amaoneka otuwa, ukadina sachita kanthu. Nthawi zambiri ndi chifukwa choti apuyo ndi mzati wa foni, kapena ndi imene yasankhidwa kugwira ntchito yoimba foni kapena yolandira mauthenga. Nthawi zina ndi opanga foni okha amene anasankha kuti apu yawo isatsekeredwe. Pa foni yanga pali imodzi yotere imene inkandionetsa malonda.

Yotereyi sungaitsekere, koma utha kuimanga miyendo. Pa tsamba lake la App info ndinazimitsa Notifications kuti isamandisokoneze. Pansi pa Mobile data ndinazimitsa Background data kuti isamadye bandulo foni ili m'thumba. Pansi pa Battery ndinasankha Restricted. Pansi pa Permissions ndinailanda chilolezo choona manambala a anthu ndi malo amene ndili. Ikadalipo, koma yafatsa.

Wokonza mafoni uja anandiuza kuti pali njira ina yodzera pa kompyuta, pogwiritsa ntchito chida chotchedwa ADB, yomwe imatha kuchotsa pamaso ngakhale apu ya batani lotuwa. Ndinamufunsa ngati njirayo imabweza malo a m'khoma muja. Anayankha kuti, "Ayi aphunzitsi, apu imatsala momwemo, imangobisika kwa inu. Ndipo kumeneko kulibe chokuletsani. Mukachotsa yolakwika foni itha kukana kuyaka bwino, mpaka tiifufute yonse." Ndinaona kuti kwa ine phindu lake ndi lochepa poyerekeza ndi ngozi yake, ndipo ndinakana.

Amene munatenga foni ya ngongole yolipira pang'onopang'ono, dziwani kuti imakhala ndi apu imene imakhoma foni mukachedwa kulipira. Imeneyo ndi mbali ya mgwirizano umene munavomera, ndipo kulimbana nayo kutha kukukhometsani foni. Isiyeni mpaka mutamaliza ngongole.

Chimene sichisintha

Kutsekera si kwamuyaya. Foni ikafufutidwa yonse, zimene amazitcha Factory reset, gawo lako limasesedwa koma khoma limatsala, ndipo maapu onse a ku fakitale amadzuka ngati tsiku limene unaigula. Nthawi zina apudeti yaikulu ya foni yonse imathanso kudzutsa ena, choncho ndi bwino kuyang'ananso mndandanda ikatha. Ubwino wake ndi womwewo: palibe chimene waononga. Ukafuna kugulitsa foni kapena kupatsa m'bale, imabwerera mmene inalili.

Lero m'foni mwanga muli maapu 5 otsekeredwa ndi imodzi yomangidwa miyendo. Drive ndinaisiya yamoyo. Mayina onse ndinalemba pa tsamba lomaliza la buku langa la sikimu, pamodzi ndi tsiku limene ndinatsekera iliyonse. Malo otsala amasewera pa 4 GB, koma ambiri mwa malo amenewo anachokera ku mavidiyo a m'magulu amene ndinafufuta pambuyo pake. Kutsekera kunandipatsa pafupifupi 1 GB kamodzi kokha, ndi bandulo yokwana mazana angapo a MB mwezi uliwonse.

Sabata yatha ahedi anandibweretsera foni yawo kuti ndiwachitire zomwezo. Ndisanadine kalikonse ndinawapempha kuti andionetse kaye mmene amatsegulira makalata ochokera ku ofesi ya maphunziro, kuti ndione apu imene imawatsegulira. Inali ina imene iwo anailemba pa mndandanda wa zoti zichoke.